Kalata yovomera sikolashipu

Zomba, 12 Ogasiti

Okondedwa a komiti ya sikolashipu,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndikuvomera ndi mtima wonse, zikomo kwambiri. Kwathu ku Ntcheu palibe anafikapo ku yunivesite, ndine woyamba, moti nditawawerengera amayi pa foni anangoti zii kenako ndikumva nthungululu, mpaka aneba kuthamangira kuti kwagwanji.

Malamulo ndawamva bwinobwino. Ndalama ya fizi muzilipira ku Chanco konko osadzera m'manja mwanga, ine ndizikhoza maphunziro onse osabwereza chaka, ndizikutumizirani zotsatira semesita iliyonse ikatha, komanso pa holide ndizikaphunzitsa masamu kusekondale yakwathu, chimenechi nde chandisangalatsa kwambiri chifukwa aphunzitsi amasamu kumeneko ngosowa. Ndikafuna kusintha kosi ndiyamba ndakuuzani.

Fomu ndasaina, ili limodzi ndi kalatayi.

Ine wanu,
Tamandani Kachingwe