Mzere wa khobwe

Ndalama za pepala zinali K49,300. Anambewe anaziwerenga koyamba ali chiimire, kachiwiri atakhala pa thumba la nandolo, akupaka malovu kuchala kuti ma K2,000 atsopano asamamatirane. Pafoni, za Mpamba ndi Airtel Money pamodzi, panali K18,500. Zonse K67,800. Koma kope linkanena K74,300.

Nthawi inali itadutsa 5 koloko ndipo msika wa Limbe unali utayamba kupepuka. Anyamata a mawilibala ankakuwa kuti anthu apatuke, amayi a masamba akugwetsa mitengo kuti chinangwa cha mawa chipezeke. Anambewe sanamve zonsezo. Anamasula nsonga ya chitenje, anapapasa m'thumba la epuloni, anasuzumira m'chitini chosungira zosinthira. Munali ma K50 awiri ong'ambika omwe aliyense ankawakana chiyambire Lolemba.

"Mwataya chiyani, achemwali?" anafunsa Anaphiri a usipa, benchi yoyandikana nayo, akukutumula nyuzipepala zokulungira.

"Yaperewera K6,500."

"Iii! Mwawerenga bwino?"

"Ine kuwerenga ndalama ndinayamba ma K200 asanabwere."

Anaphiri anayang'ana kunjira yopita kositolo yosungitsa katundu, kumene Tiyamike anapita ndi thumba la kholophethe pamutu. Sananene kanthu msanga. Anayamba amanga kaye dengu lawo, kenako anati, motsitsa mawu, "Masana munachokapo, eti?"

Anachokapodi. Lachitatu lililonse gulu lawo la banki mkhonde limakumana kuseri kwa mashedi, ndipo lero panali mkangano wa chindapusa cha ochedwa kubweza, choncho anakhalitsa. Pabenchi anasiya Tiyamike, mwana wa malemu mkulu wawo, yemwe anamutenga ku Ntcheu atalemba mayeso a Fomu 4 kuti azithandiza podikira zotsatira. Mtsikanayo anali wachete, wosadziwa kukuwira kasitomala, koma dzanja lake poyeza linali labwino: kapu yodzaza, kamulu pang'ono pamwamba, osapitirira.

"Ana a masiku ano ndi mafoni," anatero Anaphiri. "Wanga uja ankatenga ya mayunitsi, pang'onopang'ono. Ndinadzazindikira mpamba utatha."

Anambewe sanayankhe, koma anakumbukira kuti dzulo anaona masilipasi atsopano pakhomo, obiriwira. Sanafunse kumene anachokera.

Tiyamike atabwerera kudzatenga thumba lachiwiri, anawapeza ali duu, kope lili pamwendo.

"Iwe, tabwera. Masana pabenchi pano panafika ndani?"

"Makasitomala basi, mayi. Ndalemba onse."

"Kulemba walemba. Nanga ndalama yake?"

Mtsikanayo anayang'ana kope, anayang'ana Anaphiri amene ankakonza dengu lokonzedwa kale, kenako anayang'ana pansi.

"Ndaika m'chitini, ngati mmene mumanenera."

"K6,500 palibe. Ndalama ilibe miyendo, Tiyamike. Ngati unafuna kanthu ukanandiuza. Ndinakumana chiyani chibwerere kuno?"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Bambo wa anyezi tsidya linalo anatembenuka. Tiyamike sanalire, sanakanenso. Anangowerama n'kunyamula thumba la nanyati, n'kuliika pamutu yekha popanda womutwika, n'kumapita.

Anambewe anatsala akupuma mwamphamvu. Anatsegulanso kope kuti aone bwino za masana, aziwerenge mzere ndi mzere, kuti mtsikanayo akabwera asapeze pothawira. Zolemba zawo zinali za bolopeni yofiira, zilembo zikuluzikulu zopendekeka. Za Tiyamike zinali za pensulo, zazing'ono, zoongoka ngati za m'kalasi. Kholophethe makapu awiri. Nzama kapu imodzi. Nandolo wa mayi wa lesitilanti, walipira pafoni. Khobwe, 7,500.

Anaima pamenepo.

Khobwe kapu ndi K1,500. Ndiye kuti makapu asanu. Koma khobwe mwezi uno sakuyenda. Anthu akuti amachedwa kupsa, makala adula. Makapu asanu tsiku limodzi akanamva, Tiyamike akanawauza akungofika. Anadzuka n'kumasula kathumba ka khobwe kamene kanali kasanapite kositolo. M'mawa anakapinda pakamwa kawiri, ndipo khobwe anafika pa mzere wabuluu wa thumbalo. Anapisa dzanja, anasalaza pamwamba, anayeza ndi zala kuchokera pa mzerewo. Zala ziwiri zokha. Kapu imodzi, osati zisanu.

Anabweretsa kope pafupi ndi maso, n'kuyatsa tochi ya foni chifukwa mushedi munali mutada. Tiyamike polemba 1 amaika kambedza kumutu, kotalika ndithu. Pamzere wa nzama kambedzako kanali kakafupi. Pamzere wa khobwe pensulo inatsetsereka, kambedza kanatalika, ndipo iwo powonkhetsa mothamanga anawerenga 7. Anafufuza 7 weniweni wa mtsikanayo patsamba la dzulo: anali ndi kamzere kodula pakati. Uyu analibe.

"Anaphiri," anaitana, osatukula mutu. "Tawonani apa. Ndi chiyani ichi?"

Anaphiri anasuzumira. "Seveni."

"Ndi wani."

"Aaa, ndiye amalemba bwanji mwanayu?" Anaseka pang'ono, anatwika dengu lawo. "Basitu, yapezeka. Tionana mawa, achemwali." Anachoka mofulumira kuposa masiku onse.

Anambewe anafufuta 74,300 n'kulemba 68,300. Inatsala K500. Anaifunafuna m'mutu: chiphaso cha msika anachilemba kale m'mawa, wa wilibala anamulipira ya m'thumba mwawo, nsima masana sanagule.

Tiyamike anabwera kudzatenga kathumba komaliza. Anakapeza kali chomasula.

"Mwana wanga, khobwe wagulitsa makapu angati?"

"Imodzi."

"Eya. Ndaona. Wani wakoyu amaoneka ngati seveni."

Mtsikanayo anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Sananene kuti mwaona nanga. Anawerama n'kuyamba kumanga kathumbako.

"Yatsala K500 yokha," anatero Anambewe, mawu atafewa. "Imeneyo mwina ndine. Isiye."

"Munapereka m'mbale ya maliro," anayankha Tiyamike akukoka chingwe. "A komiti atadutsa m'mawa, za bambo a makala aja. Munatenga m'chitini. Munati mulemba mukamaliza ndi kasitomala."

Zinalidi choncho. Anambewe analemba pansi pa tsamba, *maliro 500*, n'kudula mzere. Manambala anakumana ndendende. Tsiku lina zikanawasangalatsa.

Anayenda kupita kokwerera maminibasi a ku Bangwe, mtsikana patsogolo, iwo pambuyo. Pa chiwaya cha pakona Anambewe anaima n'kugula tchipisi cha K1,500, anauza mnyamatayo kuti awonjezere kabichi ndi tsabola, n'kumupatsira Tiyamike kajumboko. Iye analandira ndi manja awiri, anathokoza, koma sanatsegule.

Mu minibasi anakhala mothinana kumpando wakumbuyo. Kondakitala atatolera ndalama, Anambewe anayang'ana kumapazi a mtsikanayo.

"Masilipasiwa ndi abwino. Unagula kuti?"

"Anandipatsa achemwali a kwayala. Anawachepera."

"Oho."

Galimoto inagwedezeka pa bampu. Tiyamike anakonza kajumbo pamwendo pake, kenako anati, akuyang'ana pawindo, "Mayi, mawa ndizikayeza ndi kunyamula. Ndalama ndi kope muzigwira nokha."

"Nanga Lachitatu ndikapita ku gulu?"

"Mudzawapemphe Anaphiri."