Kwa Tadala, za sopo wa kumaso uja

Tadala mng'ono wanga,

Chithunzi chija ndachiona. Tiziphuphu tinayi tokha pachipumi, iwe mpaka kudandaula ngati nkhope yatha! Komabe wachita bwino kundifunsa usanagule kanthu.

Yamba wadziwa khungu lako. Mawa m'mawa usambe kumaso, usadzole chilichonse, udikire ola limodzi, kenako udziyang'ane pagalasi. Ngati nkhope ikunyezimira, khungu lako ndi lamafuta. Ngati yatuwa ndipo ukumva kukokana ukamamwetulira, ndi louma. Ine ndikuganiza kuti lako ndi ngati langa: mafuta pamphuno ndi pachipumi, masaya ouma.

Sopo wosambira m'thupi umusiye kumaso. Pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, khungu lathu lili pafupifupi pa 5.5, pomwe sopo wambiri wouma uja amafika 9 kapena 10, n'chifukwa chake amaumitsa nkhope kuti gwa. Ugule wamadzi wa kumaso, wopanda perefyumu, wopandanso timchenga tokhula tija. Timchengato ndimadana nato. Ndili msinkhu wakowu ndinkadzikhula nato katatu patsiku poganiza kuti ziphuphu ndi litsiro, mpaka masaya anayamba kusupuka, ndikadzola mafuta n'kumathethetsa ngati ndapaka pachilonda.

Pa khungu lamafuta usankhe wa jelo wochita thovu pang'ono. Pa louma, wonga kirimu, makamaka wokhala ndi gilisalini. Ziphuphu zikamachuluka pali wa salisiliki asidi, wosapitirira 2 peresenti, amene amatsegula timabowo ta khungu totsekeka ndi mafuta, koma ameneyo uyambe kamodzi patsiku. Botolo ugule laling'ono, ndipo uyambe wamuyesa kuseri kwa khutu masiku angapo. Pakayabwa kapena kutupa, msiye.

Kasambidwe n'kosavuta. M'mawa ndi madzulo basi, komanso ukatuluka thukuta kwambiri. Usambe m'manja kaye, unyowetse nkhope ndi madzi ofunda, osati otentha, upake sopo pang'ono ndi nsonga za zala kwa theka la mphindi, utsukuluze. Thaulo la kumaso likhale lakelake, ndipo uzingoligunditsa, osakhula. Nkhope ikadali yachinyezi udzole loshoni wopepuka, ngakhale khungu lili lamafuta. M'mawa uwonjezere mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30. Usanene kuti khungu lakuda silifuna zimenezo, dzuwa ndi limene limadetsa timadontho totsala chiphuphu chikapola.

Ndipo zala zakozo! Ndimakuona ukamawerenga, dzanja lili pachibwano, kutosa. Usamafinye. Mafuta oyeretsa khungu nawonso, ngakhale mnzako akupatse ulere, ukane. Ambiri amakhala ndi mankhwala amene amapyapyalitsa khungu.

Upirire milungu 6 mpaka 8 usanaweruze kuti sopoyo sakuthandiza, ndipo m'kati mwa nthawi imeneyi usawonjezere china chatsopano. Zikakhala zikuluzikulu, zopweteka, zosiya zipsera, tidzapita limodzi kwa dokotala wa khungu.

Ukafika pogula unditumizire chithunzi cha kuseri kwa botolo, pomwe alemba zosakaniza, usanalipire.

Ndine mkulu wako,
Chikondi