Mawu a mbali yovomereza pa mtsutso wa Fomu 4: Masamba a mchezo afooketsa zokambirana za anthu

Olemekezeka wapampando, aphunzitsi athu, oweruza, anzathu a mbali yotsutsa ndi ophunzira nonse, ine ndaima pano kuvomereza kuti masamba a mchezo afooketsa zokambirana za anthu.

Pabwalo la amfumu munthu amayankhula nkhope yake ikuoneka, amadikira mnzake kuti amalize, ndipo akanama amachita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Pa Facebook munthu amabisala kuseri kwa dzina labodza n'kutukwana aliyense amene wasiyana naye maganizo. Masambawa amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, choncho amakankhira patsogolo nkhani zimene zimakopa anthu ambiri, ndipo kawirikawiri zimenezi zimakhala zokwiyitsa, osati zoona. Tonse tikukumbukira mauthenga a pa WhatsApp m'chaka cha 2021, amene ankaopseza makolo athu za katemera wa COVID-19 popanda umboni uliwonse.

Anzathu otsutsa anena kuti tsopano aliyense ali ndi mwayi woyankhula. Zimenezo sindikukana, koma pitani ku depoti ya minibasi muno mu Lilongwe mukamve oitanira akukuwa onse nthawi imodzi, kenako mudzatiuze ngati kumeneko n'kukambirana. Komanso agogo anga a ku Mitundu, amene alibe foni yamakono ngakhale ndalama ya bando, pabwalo latsopanoli sanaitanidwepo.

Zikomo, wapampando.