Chimfine chikalowa m'nyumba: kuzindikira kuti madzi achepa m'thupi mwa mwana kapena agogo, ndi kamwetsedwe kake

Uthenga wochokera kwa anamwino ndi azaumoyo a m'midzi, kupita kwa mabanja a ku Ulongwe, Domwe, Tsangano ndi midzi yozungulira. Uwerengedwe kusikelo ya ana, kutchalitchi ndi pabwalo la mfumu m'nyengo ya chisanu cha Juni ndi Julaye.

Chimfine pachokha kawirikawiri chimatha pakadutsa sabata imodzi. Chimodzi mwa zimene zimagoneka ana ndi okalamba ambiri pabedi la chipatala ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Thupi likatentha limataya madzi m'thukuta. Mphuno zikatsekeka munthu amapumira kukamwa, ndipo mpweya uliwonse wotuluka umapita ndi chinyontho. Pakhosi pakamawawa safuna kumeza, ndipo ana ena amasanza kapena kutsekula m'mimba. Kuno kumtunda kukazizira anthu samva ludzu, ndiye wodwala amatha tsiku lonse m'bulangete wopanda womupatsa kapu. Achibale athu a kuchigwa, ku Tete ndi ku Moatize, vutoli limawakulira mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamapyola madigiri 40.

ZOYANG'ANA PA MWANA

Yambani ndi mkodzo, chifukwa ndiwo umayamba kusintha. Khanda loyamwa bwino limanyowetsa thewera kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku. Thewera likakhala louma maola 6 mpaka 8, kapena mkodzo ukatuluka wochepa, wachikasu kwambiri ndi wonunkha, madzi achepa. Kenako muoneni kunkhope: milomo youma, lilime lomata, kulira kopanda misozi, maso olowa m'kati. Pa nkhani ya maso timakhulupirira mayi kuposa wina aliyense. Mayi akati maso a mwanayu si momwe amakhalira, nafenso timatenga choncho.

Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera, osati ndi zikhadabo. Ligwireni kamphindi, kenako lisiyeni. La mwana wabwino limabwerera nthawi yomweyo. Likabwerera mwaulesi madzi achepa, ndipo likakhala chiimire kupyola masekondi 2 achepa kwambiri.

Liwombo likalowa, si matenda a liwombo. Ndi madzi amene achepa. Kumata mankhwala pamutu kapena kukankha m'kamwa ndi chala sikulikweza, kumangodya nthawi imene mwana akanakhala akuyamwa.

Mwana wovuta, wolira, wolanda kapu n'kumwa mwaphuma ali ndi ludzu ndipo akadali ndi mphamvu. Ameneyo mungayambe kumuthandiza pakhomo. Woopsa ndi amene wasiya kuvuta: wangoti lefu, sakuyang'ana amayi ake, bere akungolilumira osayamwa. Pakhomo ambiri amati wapezako bwino poti wagona, chonsecho ndiye wafika poipa.

ZOYANG'ANA PA AGOGO

Okalamba amanamiza. Munthu akamakula ludzu samalimva msanga ndipo impso zake sizisunga madzi ngati kale, ndiye mukawafunsa adzakuuzani kuti sakufuna madzi, ndipo sakunama ayi. Ena amakana dala poopa kudzuka usiku kupita kuchimbudzi kuli mphepo, kapena pochita manyazi kuvutitsa mpongozi. Aikireni chitini pafupi ndi mphasa, vutolo lichepe.

Kutsina khungu kwa iwo sikuthandiza kwenikweni, poti khungu la nkhalamba limachedwa kubwerera ngakhale ali bwino. Yang'anani izi: lilime louma lokhala ndi timing'alu, m'khwapa mouma gwa, mkodzo wochepa wofiirira ngati tiyi, mtima wothamanga, chizungulire akamadzuka. Akhazikeni kaye m'mphepete mwa bedi musanawaimiritse, chifukwa ambiri amagwa nthawi imeneyi n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Chizindikiro chimene mabanja amachiphonya kwambiri ndi kusokonezeka maganizo. Agogo amene dzulo amawerenga mbuzi zawo, lero akuitana mdzukulu dzina la malemu, akubwebweta kapena akungogona usana wonse. Musathamangire kunena kuti ndi ukalamba, kapena kuti alodzedwa. Kusintha kwa tsiku limodzi kapena awiri kotere kumabwera ndi kuchepa kwa madzi, chibayo, malungo kapena shuga wosokonekera, ndipo zonsezi zimafuna chipatala.

ZOMWETSA

Mwana wosakwana miyezi 6 apatsidwe bere lokha, pafupipafupi, usana ndi usiku. Osamupatsa madzi, tiyi kapena phala. Madzi a mchere ndi shuga amwe pokhapokha azaumoyo atamuona n'kunena. Ngati mphuno zatseka n'kumalephera kuyamwa, pukutani mamina, dontheretsani mkaka wa m'mawere pang'ono m'mphuno kuti afewe, kenako muyamwitseni mutamudzutsa pang'ono. Akalepherabe, finyirani mkaka m'kapu yoyera, mum'mwetse ndi supuni.

Mwana wokulirapo ndi agogo, ngati akudyako ndipo sakusanza, madzi abwino, phala lamadzimadzi, madzi a mpunga, msuzi wa nkhuku kapena thobwa latsopano losasasa zimakwana. Akamasanza, akamatsekula, kapena zizindikiro zija zikaoneka, pafunika mankhwala a m'kapaketi a mchere ndi shuga, amene kuno ambiri timati misitura. Amapezeka kuchipatala ndi kwa wazaumoyo wa m'mudzi.

Kasakanizidwe kake: sambani m'manja ndi sopo. Tengani lita imodzi ya madzi amene awira bwinobwino kwa mphindi imodzi n'kuzizira, kapena othira kulorini amene adikira mphindi 30. Mabotolo awiri a madzi ogula a theka la lita ndiwo lita imodzi. Thirani kapaketi konse, takasani mpaka zisungunuke, vundikirani. Zotsala pakatha maola 24 zitayidwe.

Osagawa kapaketi kuti kakwane masiku awiri, osakathira m'kapu imodzi ya madzi, osawonjezera shuga kuti mwana akonde. Chifukwa chake n'chakuti m'matumbo shuga ndiye amalowetsa mchere m'magazi, ndipo madzi amatsatira mcherewo, koma zimenezi zimayenda pa muyeso wake. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsekula kumakula. Mchere ukachuluka umatha kukomola mwana. N'chifukwa chake zakumwa za m'mabotolo, timadzi totsekemera tosungunula tija ndi tiyi wa shuga wambiri sizilowa m'malo mwa misitura. Mowa ndi kachasu zimakodzetsa, ndiye zimangowonjezera vuto, ngakhale madala ena amalimbikira kuti zimathyola chimfine.

Kapaketi kakasowa ndipo kwada, sakanizani lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Lawani: zisawawe mchere kuposa misozi. Izi n'zongodikirira kuti kuche.

MUYESO NDI KAMWETSEDWE

Mwana amene zizindikiro zamuonekera koma akumwa amafuna mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, m'maola 4. Kulemera kwake kuli pa khadi la kusikelo. Wa makilogalamu 8 amafuna mamililita 600, kutanthauza 150 pa ola. Supuni ya tiyi ndi mamililita 5, ndiye ndi supuni imodzi mphindi ziwiri zilizonse. Zimatopetsa, choncho landiranani ndi bambo kapena azakhali. Bere lisaleke. Yambani pakhomo, koma mwana wotere aonedwe ndi azaumoyo tsiku lomwelo.

Ngati akutsekula koma zizindikiro palibe, mupatseni akangochita chimbudzi: wosakwana zaka 2 mamililita 50 mpaka 100, wa zaka 2 mpaka 10 mamililita 100 mpaka 200. Funsaninso mapiritsi a zinki.

Mufungatireni mutu uli m'mwamba, mum'mwetse ndi kapu kapena supuni. Silinji yopanda singano ndi yabwino, koma muloze m'tsaya, osati kukhosi. Kumugoneka chagada pamiyendo, kumutsina mphuno n'kumukhuthulira madzi, monga ena amachitira ndi phala, n'kumene kumalowetsa madzi m'mapapo. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso mwapang'onopang'ono, supuni imodzi pa mphindi zitatu. Kusanza kamodzi si chifukwa chosiyira, poti ambiri mwa madziwo amakhala atatsala m'mimba. Zikope zikayamba kutupa, imitsani misitura, mupitirize bere kapena madzi wamba.

Agogo akhale tsonga, motsamira khoma kapena mtsamiro, chibwano chowerama pang'ono, ndipo akamaliza akhalebe choncho mphindi 30. Ayenera kumwa lita imodzi ndi theka mpaka malita 2 pa tsiku. Dzazani mabotolo m'mawa kuti madzulo muone amene amwedwa, ndipo muziwapatsa pang'ono mphindi 10 kapena 15 zilizonse osadikira kuti apemphe. Madzi ofunda amalowa bwino kukazizira. Akamatsokomola pomeza, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, siyani madzi, yesani phala lolimbirako, ndipo tiuzeni. Amene anadwalapo sitiroko amatsamwa kawirikawiri.

Pali agogo amene muyesowu suwakhudza. Odwala mtima kapena impso, otupa miyendo, obanika akagona, asakakamizidwe madzi ambiri kapena amchere osafunsa kuchipatala, chifukwa madzi amatha kudzaza m'mapapo. Amene amamwa mapiritsi okodzetsa, a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga abwere nawo mapiritsiwo tsiku lomwelo akayamba kusanza kapena kuleka kudya. Ena mwa mapiritsiwo amafunika kuimitsidwa kaye, koma woimitsa akhale dokotala kapena namwino. Mwana wowonda kwambiri kapena wotupa mapazi chifukwa cha kunyentchera nayenso ali ndi kamwetsedwe kake ka kuchipatala.

Thupi likatentha mupatseni parasetamo pa muyeso umene mwauzidwa, osapyola kanayi pa tsiku. Asipirini asapatsidwe kwa mwana wa chimfine, chifukwa angawononge chiwindi ndi ubongo. Ibupulofeni ndi dikulofenaki za pamsika zimapweteka impso za munthu amene madzi achepa. Kufukiza ndi masamba a bulugamu m'bulangete kumatulutsa thukuta lina pa munthu wouma kale, ndipo ana amapsa ndi madzi otenthawo. Aliyense wotentha thupi ayezedwe malungo m'maola 24, ngakhale mamina akuchita kuyenderera.

NYAMUKANI NTHAWI YOMWEYO, NGAKHALE USIKU, NGATI:

mwana sakutha kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena akuvuta kudzutsa;
khungu la mwana likupyola masekondi 2 lisanabwerere, kapena manja ndi mapazi zazizira thupi lili lotentha;
khanda latha maola 8 osakodza, kapena wamkulu maola 12;
khanda losakwana miyezi 2 latentha thupi;
mwana akupuma mofulumira atadekha: ka 50 kapena kuposa pa mphindi kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kapena m'munsi mwa chifuwa mukulowa akamakoka mpweya;
agogo asokonezeka, akulephera kuima, akumva kuwawa m'chifuwa kapena milomo yada;
m'chimbudzi kapena m'masanzi muli magazi.

Otere amafuna chipatala. Amene madzi achepa kwambiri amafuna diripi, imene ena timati soro, ndipo pakhomo palibe chimene chingalowe m'malo mwake. Ngati wodwala ali maso ndipo akumeza, tengani botolo la misitura ndi supuni, muzim'mwetsa m'njira. Wosadzuka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali. Pa njinga yamoto pakhale munthu wachiwiri womugwira, ndipo khanda limangidwe ndi kapulana kutsogolo kumene mayi akuona nkhope yake. Tengani khadi la mwana ndi mapiritsi onse amene wodwala wamwa, ndipo mukafika nenani nthawi imene anakodza komaliza.