Mukuitanidwa ku ukwati wa Mayamiko ndi Tadala

Banja la Bambo ndi Mayi Likoswe a kwa Mfumu Yaikulu Mabuka ku Mulanje, pamodzi ndi banja la malemu Bambo Mbewe ndi Mayi Mbewe a kwa Kachindamoto ku Dedza, omwe akukhala ku Chilomoni, akukuitanani mwaulemu kuti mudzachitire umboni ukwati woyera wa ana awo

MAYAMIKO LIKOSWE ndi TADALA MBEWE

Loweruka pa 18 Julayi 2026 mumzinda wa Blantyre.

Kudalitsa ukwati: 9 koloko m'mawa, tchalitchi cha St Michael and All Angels CCAP, ku Mishoni.
Madyerero: 1 koloko masana mpaka 5 koloko madzulo, holo ya Comesa ku Chichiri.

In English

The Likoswe and Mbewe families invite you to the wedding of Mayamiko and Tadala on Saturday 18 July 2026 in Blantyre. Service: 9:00 a.m., St Michael and All Angels CCAP. Please be seated by 8:30. Reception: 1:00 to 5:00 p.m., Comesa Hall, Chichiri. One card admits two adults. Dress: formal or chitenje, in dark green and gold, no white or cream, and bring something warm. Gifts: cash, please, as the couple will fly back to Leeds. At the reception guests dance forward and give in small notes (perekani-perekani). Cashiers will change kwacha notes only. The service will be streamed at 8:00 a.m. UK time. Kindly reply by 27 June to the message that brought you this card.

Za nthawi

Tikati 9 koloko ndi 9 koloko yeniyeni. Pofika 8:30 mukhale mutakhala kale pampando, chifukwa mkwatibwi akangoima pakhomo, akulu ampingo adzaimitsa olowa kufikira atafika kutsogolo. Tchalitchichi mukuchidziwa, ndi chija chakale cha njerwa zofiira chomwe chinamalizidwa mu 1891. N'chokongola pa zithunzi koma m'kati mwake malo ndi ochepa. Mabenchi akutsogolo tasungira makolo, ankhoswe ndi agogo. Wochedwa adzamvera mwambo ali panja.

Tikatuluka m'tchalitchi tidzajambulitsa zithunzi pabwalo pomwepo kwa theka la ola: akuchimuna, akuchikazi, amayi a Mvano, kenako anzawo a kuntchito. Basi yaganyu idzanyamuka pa Mishoni 11:30 kupita ku Chichiri, ndipo oyamba kukwera ndi achikulire ndi abale ochokera ku Mulanje ndi ku Dedza. Zitseko za holo zidzatsegulidwa 12 koloko. Chakudya tidzayamba kugawa 12:15 kuti akwati akamalowa 1 koloko mbale zikhale zitachoka pamatebulo. Holo tabwereka mpaka 5 koloko basi.

Abale amene muli kunja, mwambo wa m'tchalitchi mudzauonera pa intaneti. Ku Joni ndi ku Harare nthawi ndi yomweyi ya kuno, koma ku Leeds idzakhala ili 8 koloko m'mawa.

Zovala

Mitundu ya tsikuli ndi wobiriwira moderako ngati masamba a tiyi, ndi wagolide. Abambo, suti kapena malaya achitenje ndi thalauzi lakuda. Amayi, diresi lofika m'munsi mwa mawondo kapena chilundu ndi duku lake. Lamapewa pamtunda mudzaliphimbe ndi shawelo tili m'tchalitchi. Zoyera ndi zakirimu tamusiyira mkwatibwi yekha. Jinzi, makabudula ndi majezi a mpira zipumuleko tsiku limeneli.

Nsalu ya ukwati ilipo kwa oifuna: K16,000 mamita anayi, K24,000 mamita asanu ndi limodzi. Akuchimuna tengani kwa Mayi Nachisale ku Ndirande, akuchikazi kwa azakhali a mkwatibwi ku Chilomoni. Tidzatseka kugulitsa pa 20 Juni kuti matelala apeze mpata wosoka bwino, osati zothamangitsana nawo Lachisanu usiku diresi lilibe zipi. Nsaluyi si chiphaso cholowera. Amene simunaigule valani chomwe muli nacho, bola chaulemu, ndipo palibe adzakuyang'aneni kawiri.

Musaiwale kuti ndi mwezi wa Julayi. Chiperoni chikatsika m'Blantyre sichiona kuti wina watchena, choncho juzi kapena jekete likhale pafupi, makamaka la agogo.

Mphatso

Apa tinene mosabisa, mutikhululukire. Ukwati ukatha, akwatiwa akubwerera ku Leeds komwe Tadala amagwira ntchito ya unamwino, ndipo m'ndege katundu amachita kumuyeza pa sikelo. Mapoto, mabulangete, madinaseti ndi mafiriji sangapite nawo. Zingangotsala m'chipinda kwa amayi awo. N'chifukwa chake mabanja onse awiri agwirizana zopempha kuti mphatso ikhale ya ndalama, kuchuluka kwake monga mtima wanu wafunira. Envulopu mulembepo dzina lanu ndi kumene mwachokera, ndipo mudzaipereke patebulo la msungichuma pafupi ndi khomo. Iye adzalemba m'kaundula inu mukuona, kuti akwati adzadziwe woti amuthokoze.

Perekani-perekani adzakhalapo, nanga ukwati wake uti wopanda kuvina? Adzayamba 2 koloko. Woyendetsa mwambo adzaitana magulu motere: makolo ndi ankhoswe, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, anzawo a kusukulu, kenako aliyense amene mwendo ukumuyabwa. Gulu lililonse nyimbo ziwiri. Makashiya adzakhala kumanja kwa nsanja kukusinthirani ma K5,000 ndi ma K2,000 kuti mukhale ndi zing'onozing'ono zovinira. Mapaundi ndi marandi sadzasintha, amenewo alowe mu envulopu. Ndalama tidzaponye m'malichero omwe atsikana operekeza mkwatibwi adzanyamule. Zikagwa pansi zimapondedwa n'kung'ambika, ndipo yong'ambika kugolosale amaikana. Keke idzadulidwa 4 koloko, ndipo zidutswa zoyamba zidzagulitsidwa monga mwa mwambo.

Amene simudzatha kufika koma mukufuna kuponyako kangachepe, mutha kutumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo akunja pa Mukuru. Nambala yake ndi imodzi yokha, ya msungichuma wa komiti Bambo Kachingwe, ndipo tidzakupatsani mukayankha uthengawu. Musanatsimikize kutumiza, onani kuti dzina lotuluka pafoni ndi lawo. Wina akakuimbirani kuti nambala yasintha, dulani foni.

Abale akumudzi amene mwakonza mpunga, nyemba, nkhuku kapena mbuzi, zimenezo tikuzilandira ndi manja awiri. Zifike kunyumba kwa Mayi Mbewe ku Chilomoni pofika Lachinayi pa 16 Julayi, kuti zithandize kudyetsa alendo ogona. Chonde nkhuku isabwere ku holo.

Kulowa ndi kuyankha

Kadi imodzi ndi ya anthu awiri akuluakulu, ndipo mudzaionetse pakhomo, kaya yapepala kaya yapafoni. Ana timawakonda ndipo kutchalitchi abwere, koma ku holo mipando ndi mbale tawerengera akulu okhaokha, kupatula ana oyamwa ndi omwe ali pa mdipiti. Mowa sudzagawidwa ndipo wobwera nawo wake sadzaloledwa kulowa nawo.

Tiyankheni pofika Loweruka pa 27 Juni, pa uthenga womwe wakubweretserani kadiyi kapena kudzera kwa amene wakupatsirani pamanja. Mutiuze ngati mubwera nokha kapena awiri, ngati mufuna malo m'basi, ngati pali chakudya chomwe simudya, komanso ngati mukubwera ndi munthu woyenda pa njinga ya olumala kuti timukonzere malo kufupi ndi khomo.

M'malo mwa mabanja onse awiri,

Bambo Namate, nkhoswe ya kuchimuna
Bambo Chadza, nkhoswe ya kuchikazi
Mayi Nachisale, wapampando wa komiti ya ukwati