Akauntanti wa ICAM, tsopano ndikufuna kuyendetsa mapulojekiti | Blantyre

Ndine akauntanti, membala wa ICAM, ndipo ndakhala pa ntchito yowerengera ndalama kuyambira 2013. Panopa ndikufunafuna udindo woyendetsa pulojekiti, makamaka pa ntchito za madzi, zomangamanga ndi ulimi wamthirira, kaya ku bungwe lothandiza anthu kapena ku kampani.

Pulojekiti ikayamba kupendama, akauntanti amaziona bwino lomwe m'mabuku, koma amaziona madzi atafika kale m'khosi. Invoisi ikamafika pa tebulo langa, simenti inagulidwa kale pa mtengo wokwera, kontirakitala anasamuka kale pamalo, ndipo chotsala n'kulembera opereka thandizo lipoti lofotokoza chifukwa chake ndalama zatha ntchito ili pakati. Malipoti otere ndalemba okwanira. Ndikufuna kukhalapo pamene mfundo zikumangidwa, ndalama zisanatuluke.

Digiri yanga ndinaitenga ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, kenako ndinamaliza ACCA. Ndinayambira ku kampani ya maodita, n'kupita ku fakitale ina ya ku Makata komwe ndinkayang'anira malipiro a antchito, misonkho ya PAYE ndi VAT yopita ku MRA, komanso bajeti ya chaka. Kumeneko ndinatsogolera ntchito yochotsa mabuku athu pa Excel kuwaika pa Sage. Zamakompyuta sizinavute kwenikweni. Chovuta chinali kuwagwira mtima anzathu a kositolo ya katundu, amene anazolowera kaundula wa pamanja ndipo ankaona ngati tikufuna kuwatchera msampha.

Ntchito imene inandisintha maganizo ndi ya ku Chikwawa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, bungwe limene ndikugwirako ntchito panopa linalandira thandizo lokonza mijigo ndi kuika mapampu oyendera dzuwa m'malo 16. Ine ndinali wa zandalama chabe, koma woyang'anira pulojekiti atapeza ntchito kwina, anandipempha kuti ndigwirizire mpandowo. Tisanakhazikike n'komwe, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mapampu ndi mapanelo zimachokera kunja, ndipo ogulitsa anatiuza kuti mitengo yonse imene anatipatsa yafa.

Ndinakhala pansi ndi injiniya wathu n'kusanja malo aja potengera chiwerengero cha mabanja ndi mtunda wokafika pa madzi ena. Opereka thandizo ndinawalembera sabata yomweyo, manambala ali poyera, osadikira lipoti la kumapeto kwa miyezi itatu. Anavomera kuti tisunthe ndalama zina za misonkhano ndi maulendo zipite ku zipangizo. Mgwirizano ndi makontirakitala tinaukonzanso kuti malipiro azituluka gawo ndi gawo: chitsime chikakumbidwa, pampu ikaikidwa, madzi akayesedwa, ndipo gawo lomaliza pokhapokha komiti ya madzi ya m'mudzimo itasainira kuti mpopi ukutulutsadi madzi. Tinamaliza malo 14. Awiri otsalawo tinagwirizana ndi ofesi ya madzi ya kwa DC kuti alowe mu gawo lotsatira, ndipo mafumu a midzi iwiriyo ndinakawauza ndekha pamaso, chifukwa uthenga wotere sutumizidwa pa foni. Maodita atabwera sanapeze ndalama yosowa risiti.

Kuchokera ku ntchito yowerengera ndalama ndikubwera ndi diso loona msanga pamene bajeti ndi ntchito yeniyeni zasiyana njira, kudziwa malamulo ogulira katundu a opereka thandizo ndi a PPDA, ndiponso chizolowezi chosunga umboni wa chilichonse. Zina ndaphunzirira pamalo pa ntchito: kukonza ndondomeko ya ntchito molingana ndi nyengo ya mvula (galimoto yokumba chitsime sikhala ndi mawu pa matope a ku Shire mu Januwale), kuchititsa msonkhano umene umatha aliyense akudziwa chochita ndi tsiku lake, komanso kuuza bwana nkhani yoipa nthawi ikadalipo. Ndili ndi satifiketi ya PRINCE2 Foundation ndipo ndikukonzekera mayeso a PMP. Ndimagwiritsa ntchito Microsoft Project, Excel, Sage ndi QuickBooks. Ndimalankhula Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Chisena ndimamva mokwanira kutsatira zokambirana pa bwalo la mfumu.

Sindine injiniya, ndipo pa za mapaipi ndi konkire ndimamvera amene anaphunzira zimenezo. Mbali yanga ndi kuonetsetsa kuti iwowo ali ndi ndalama, zipangizo ndi chilolezo pa tsiku limene akuzifuna.

Ndimakhala ku Blantyre, koma ndine wokonzeka kusamukira ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena kuboma lililonse kumene kuli ntchito. Ngati muli ndi pulojekiti yofuna woyang'anira amene bajeti amaiwerenga yekha, kapena nanunso munachoka ku maakaunti kupita ku mapulojekiti ndipo mungandigawireko nzeru, nditumizireni uthenga pompano tikambirane.