Pempho la ndalama zoti matebulo a m'madepoti azilumikizana okha

Kwa Bwana Manijala, likulu la ku Tete
Kuchokera ku ofesi ya maakaunti

Bwana,

Tikupempha mametikali 103,500 kuti tisiye kukopera pamanja mawerengero a katundu sabata iliyonse.

Pakadali pano, Lachisanu lililonse madepoti a ku Ulongwe, Tsangano ndi Furankungo amatumiza mafayilo a Excel pa WhatsApp. Lolemba kalaliki amakopera mzere ndi mzere m'tebulo lalikulu, maola asanu ndi limodzi, kutanthauza maola 312 pachaka. Koma chotipweteka kwambiri ndi manambala olakwika. Kompyuta ya ku Ulongwe inatcheredwa m'Chipwitikizi, ya kuno m'Chingerezi cha ku Amerika. Matumba a yuriya 1.250, omwe kumeneko ndi chikwi ndi mazana awiri ndi makumi asanu, akalembedwa kuno amasanduka thumba limodzi ndi kota. Deti la 03/04 kumeneko ndi 3 Epulo, kuno ndi 4 Malichi. Mzere umodzi ukadumphidwa, mitengo imagwera pa katundu wina, ndipo zimadziwika pomwe lole yanyamuka kale. Kalalikiyo ndi wosamala; njirayi ndi imene ili ndi mbuna.

Tikufuna depoti iliyonse izilemba mu Google Sheets, m'tebulo lofanana ndendende: deti, nambala ya katundu, zolowa, zotuluka, zotsala. Dzina la katundu azisankha pamndandanda, osalemba pamanja. Usiku uliwonse kapulogalamu ka Apps Script kazitenga mizere yatsopano n'kuiika m'tebulo la likulu. Mzere uliwonse uzikhala ndi nambala yakeyake kuti usalowe kawiri, ndipo kapulogalamuko kakalephera, uthenga uzifika ku imelo yathu. Netiweki ikathawa, monga zimachitikira nthawi yamvula, azilembabe ndipo zidzakwera ikabwerera, bola tiwatcherere zimenezi pasadakhale.

Ndalamazo zipita motere: 45,000 kwa katswiri wolemba ndi kuyesa kapulogalamuko, kamodzi kokha, 10,500 ya marauta atatu a 4G, 36,000 ya intaneti ya chaka, kutanthauza 1,000 pamwezi depoti iliyonse, ndi 12,000 ya ulendo wokaphunzitsa anzathu. Chaka chamawa idzatsala ya intaneti yokha.

Chimodzi tinene poyera: ngati wa kudepoti walemba 40 pamene matumba ndi 14, makina adzanyamula bodzalo mwachangu. Kuwerenga katundu m'nyumba yosungira mwezi ndi mwezi kusathe ayi.

Masabata anayi oyamba njira zonse ziwiri ziziyendera limodzi, tikuyamba ndi Ulongwe. Yakaleyo tidzaisiya pokhapokha manambala akagwirizana masabata awiri otsatizana.

Chonde mutiyankhe usanathe Ogasiti, kuti zonse zikhazikike alimi asanayambe kudzaza madepoti pofuna mbewu ndi feteleza mu Okutobala.

Ife anu,
Ogwira ntchito mu ofesi ya maakaunti